Kusindikiza TPU yofewa popanda kutsekeka: mafunso ndi mayankho

Mafunso ali m'munsiwa ndi omwe amafunsidwa kawirikawiri ndi anthu amene anazolowera kusindikiza PLA kapena PETG pa makina osindikiza zinthu a 3D, ndipo tsopano akufuna kugwiritsa ntchito TPU, filamenti yopindika ngati mphira, kupanga zinthu zofewa monga magasiketi, timapazi ta makina, matayala a zidole ndi zikwama za foni. Mayankho onse akukhudza filamenti ya mamilimita 1.75 ndi nozulo ya mamilimita 0.4, kupatula pomwe tanena mwina.

Kodi TPU imavutiranji pomwe PLA imayenda bwinobwino pa makina omwewo?

Makina amagwiritsa ntchito filamenti yosasungunuka ngati mtengo wokankhira pulasitiki yomwe yasungunuka kale mu nozulo. Magiya a ekisituruda amaluma filamenti n'kuikankhira pansi, ndipo mphamvu imeneyo imayenda mu filamentiyo mpaka kukafika pa kabowo kakang'ono ka nozulo. PLA ndi yolimba, choncho ikakankhidwa kuno imasuntha mbali inayo nthawi yomweyo. TPU ikakankhidwa imayamba yafinyika, kenako imafufuma, ndipo ikapeza mpata uliwonse m'mbali mwake imapindikira mumpatamo m'malo mopita kutsogolo. Zili ngati kuyesa kulowetsa mphira ya legeni m'kabowo poikankha mutaigwira patali: imakhota musanafike paliponse, koma mukaigwira pafupi ndi kabowoko imalowa.

Zonse zomwe zikunenedwa pa tsamba lino zikuchokera pa mfundo imeneyi. Pali njira ziwiri zokha zoletsera filamenti yofewa kupindika. Yoyamba ndi kuchepetsa mphamvu yomwe ikufunika kuti pulasitiki ituluke mu nozulo, ndipo yachiwiri ndi kuimana filamenti malo opindikira. Liwiro, kutentha ndi kukula kwa nozulo zimakhudza njira yoyamba, pamene kapangidwe ka ekisituruda kamakhudza yachiwiri.

Manambala monga 95A ndi 85A olembedwa pa bokosi amatanthauza chiyani?

Amasonyeza kulimba kwa pulasitiki pa muyeso wa Shore A, ndipo nambala ikakhala yaing'ono ndiye kuti filamentiyo ndi yofewa kwambiri. TPU yomwe imapezeka kwambiri ndi ya 95A, yomwe imapindika ndi dzanja koma ili ndi msana wokwanira kuti makina ambiri aikankhe. Ya 85A, monga NinjaFlex, imatambasuka mosavuta mukaikoka ndi zala, ndipo kampani ya Recreus imagulitsa Filaflex yofika pa 70A ndi 60A.

Kusiyana kwa manambalawa kumaoneka kochepa pa pepala, koma pa makina ndi kwakukulu ndithu. Makina omwe amasindikiza 95A tsiku lonse akhoza kulephera 85A m'mphindi zochepa. Amene akungoyamba kumene agule 95A, ndipo ngati chinthucho chikufunika kukhala chofewerapo, achepetse chiwerengero cha makoma ndi kuchuluka kwa zodzazira m'kati, chifukwa kufewa kwa chinthu chomalizidwa kumadalira zimenezi kwambiri monga momwe kumadalirira filamenti.

Anthu akamati TPU yatsekeka, imatsekeka pati kwenikweni?

Nthawi zambiri nozulo imakhala ilibe vuto. Malo omwe filamenti imathawira ndi pansi penipeni pa magiya, pa kampata kamene kali pakati pa mano a giya ndi pakamwa pa kapaipi kapena kabowo kolowera ku hotiendi. Mphamvu ikachuluka kutsogolo, filamenti imakhotera m'kampatako, ndipo popeza magiya akupitiriza kuzungulira, imatuluka m'mbali n'kupanga mfundo, mwinanso kudzikulunga pa giya.

Chizindikiro chake n'chosiyana ndi cha PLA. PLA ikakanika kupita, mota imagogoda kapena giya limaipala mpaka kusiya fumbi. TPU kawirikawiri sichita phokoso: makina amapitiriza kuyenda, mutu ukukwera m'mwamba, koma palibe chomwe chikutuluka. Mukatsegula chogwirira cha ekisituruda mumapeza filamenti itapindikapindika pafupi ndi giya. Mukaichotsa n'kukankha filamenti ina ndi dzanja nozulo ili yotentha, ndipo ikutuluka mosavuta ngati ulusi wowongoka, dziwani kuti nozulo ili bwino ndipo vuto lili pa njira kapena pa liwiro. Ikamalimba, kapena ulusi ukamatuluka wopyapyala n'kupiringizika kumbali, pamenepo m'nozulo muli chotchinga, ndipo yankho lake lili pa funso la zochita filamenti ikatsekeka.

Kodi ndi zoona kuti pamafunika ekisituruda ya pamutu, ndipo ya Bowden singathe?

Ekisituruda yomwe ili pamutu penipeni, yomwe ambiri amaitcha dairekiti, ndi yabwino pa TPU chifukwa mtunda wochokera pa magiya kufika posungunukira ndi wa masentimita ochepa okha. Pa makina a Bowden mota imakhala pa feremu, ndipo filamenti imayenda masentimita 30 kapena kupitirira m'kapaipi ka PTFE isanafike ku hotiendi. Mtunda wonsewo umakhala ngati sipuling'i. Magiya akakankha, filamenti imayamba yafinyika ndi kukhotakhota m'kapaipimo, ndipo pulasitiki imachedwa kutuluka. Magiya akaima, mphamvu yomwe yasungidwayo imapitiriza kutulutsa pulasitiki pamalo pomwe sinafunike.

Komabe Bowden silephera zonse. TPU ya 95A imatheka pa makina ngati Ender 3 yoyambirira ngati mwaleza mtima pa liwiro. Ya 85A kapena yofewa kuposa pamenepo ndiyo imafunadi ekisituruda ya pamutu, ndipo kulimbana nayo pa Bowden n'kungowononga filamenti yodula. Makina a Ultimaker amasindikiza 95A kudzera m'kapaipi kaatali chifukwa amagwiritsa ntchito filamenti ya mamilimita 2.85, yomwe imakana kupindika pafupifupi kasanu n'kawiri kuposa ya 1.75 ya pulasitiki yomweyo.

Posankha kapena pokonza ekisituruda, ndiyang'ane chiyani pa njira ya filamenti?

Chinthu choyamba, chomwe chimaposa ngakhale funso la Bowden ndi dairekiti, ndi kampata ka pansi pa magiya. Tsegulani chogwirira n'kuyang'ana ndi tochi. Pa ekisituruda yabwino, chitsogozo cha filamenti chimasongoka n'kulowa pakati pa magiya mpaka kutsala pang'ono kuwakhudza, kotero kuti filamenti ikangochoka pa mano imalowa m'kabowo. Pa ekisituruda zotchipa za giya limodzi ndi bering'i, kampatako kamafika mamilimita angapo, ndipo mukhoza kuona filamenti ili poyera popanda choichirikiza. Kukula kwa kampataka n'kofunika chifukwa mphamvu yomwe chinthu chowonda chingapirire chisanapindike imatsika msanga kwambiri pamene utali wosachirikizidwa ukukula: mpata ukawirikiza kawiri, filamenti imapirira gawo limodzi lokha la magawo anayi a mphamvu ija. N'chifukwa chake ekisituruda ya pamutu yokhala ndi mpata waukulu imatha kulephera pomwe Bowden yotsekedwa bwino ikupambana.

Chachiwiri ndi magiya. Ekisituruda za magiya awiri oluma mbali zonse, monga Bondtech BMG, Orbiter, Sherpa Mini ndi Sprite ya Creality, zimagwira filamenti popanda kuifinya kwambiri, ndipo siziikankhira kumbali imodzi monga limachitira giya limodzi. E3D Hemera inadziwika pa filamenti zofewa chifukwa magiya ake ali pafupi kwambiri ndi polowera ku hotiendi.

Chachitatu ndi kusalala kwa njira yonse. Paliponse pomwe zigawo ziwiri zakumana, filamenti yofewa imatha kukodwa kapena kufufumira. Malo odziwika ndi pomwe kapaipi ka PTFE kamakumana ndi nozulo m'hotiendi zomwe kapaipiko kamafika pansi. Kapaipi kakadulidwa mokhota, kapena kakabwerera m'mbuyo chifukwa chogwirira chake chatha, pamatsala mphako yomwe imadzaza pulasitiki, ndipo chotupa chimenecho chimagwira filamenti. Dulani kapaipi mowongoka, kalowetseni mpaka kagunde nozulo, ndipo muike kachitsekero kake pa chogwirira.

Ndili ndi makina a Bowden ndipo sindingagule ekisituruda ina pakadali pano. Ndingakonze chiyani?

Tsekani kampata ka pa magiya. Tengani kachidutswa ka kapaipi ka PTFE, songolani mbali imodzi ndi lumo kuti ilowe bwino pakati pa giya ndi bering'i, n'kukalowetsa mpaka katsale pang'ono kukhudza mano. Ngati thupi la ekisituruda sililola, pali tizitsogozo tomwe anthu amasindikiza okha ndi PLA kuti tigwire ntchito yomweyo. Kenako fupikitsani kapaipi ka Bowden mpaka pomwe mutu ukufikabe ngodya zonse popanda kukakoka kapena kukapinda kwambiri.

Kapaipi wamba kali ndi bowo la mamilimita 2.0, pamene ka Capricorn kali ndi la 1.9, lomwe limasiya malo ochepa okhotera. Zimathandiza pa filamenti yoyezedwa bwino, koma filamenti yonenepa m'malo ena imatha kukhuza m'kapaipi kopapatiza, choncho yesani kaye kuikankha ndi dzanja kapaipiko kasanalumikizidwe. Iyenera kutsetsereka popanda kukakamira.

Ndisindikize pa liwiro lotani?

Pa 95A yambani pa mamilimita 20 mpaka 25 pa sekondi ngati ndi Bowden, ndi 25 mpaka 35 ngati ekisituruda ili pamutu. Pa 85A yambani pa 15 mpaka 20. Ekisituruda zamakono za njira yaifupi ndi filamenti zopangidwira kuthamanga zimapitirira apa, koma kumeneko mukafikeko poyesa pang'onopang'ono.

Chomwe filamenti imamva kwenikweni si liwiro la mutu, koma kuchuluka kwa pulasitiki yomwe iyenera kudutsa mu nozulo pa sekondi iliyonse. Kuchulukaku kumapezeka pochulukitsa kutambalala kwa mzere, kukwera kwa leya ndi liwiro:

```
0.45 mm × 0.2 mm × 25 mm/s = 2.25 mm³/s
```

Mukakweza leya kufika pa mamilimita 0.3 liwiro lili lomwelo, nambalayi imakwera kufika pafupifupi 3.4, ndipo makina omwe ankayenda bwino akhoza kutsekeka ngakhale simunakhudze liwiro. Pa chifukwa chimenechi ndi bwino kuika malire pa `Max volumetric speed`, yomwe mu PrusaSlicer ndi OrcaSlicer imapezeka pa makonzedwe a filamenti. Mukalemba 2 kapena 2.5 ngati poyambira, silaisa imadzichepetsera liwiro paliponse pomwe malirewo akanapitirira.

Mfundo ina yomwe anthu ambiri amaiphonya ndi yakuti liwiro liyenera kukhala lofanana pa zigawo zonse. Makonzedwe a PLA amayenda pang'onopang'ono pa khoma lakunja n'kuthamanga pa zodzazira m'kati. Filamenti yofewa imachedwa kutsatira kusintha kotereku, choncho poyambira mzere wothamanga pamakhala poperewera, ndipo poyambira mzere wochedwa pamakhala chotupa. Ikani khoma lakunja, lam'kati ndi zodzazira pa liwiro limodzi. Kudumpha kwa mutu pomwe sukusindikiza kokha ndiko kukhale kothamanga, mamilimita 150 pa sekondi kapena kuposa ngati makina angathe, kuti pulasitiki isapeze nthawi yodontha.

Ndingadziwe bwanji malire enieni a makina anga?

Kwezani mutu m'mwamba kuti pulasitiki itulukire m'malere, lembani chizindikiro ndi cholembera pa filamenti pa mamilimita 70 kuchokera polowera, n'kutumiza malamulo awa pa makina a Marlin kapena Klipper:

```
M109 S230
M83
G1 E50 F60
```

Lamulo lomalizali limakankha mamilimita 50 a filamenti pa milimita imodzi pa sekondi, zomwe zikufanana ndi pafupifupi 2.4 mm³/s. Likatha, payenera kutsala mamilimita 20 kufika pa chizindikiro. Bwerezani ndi `F90`, yomwe ndi 3.6, kenako `F120`, yomwe ndi 4.8, mukulemba chizindikiro chatsopano ulendo uliwonse. Mudzafika pomwe filamenti yotsala yayamba kuchuluka moonekeratu, kutanthauza kuti magiya akuterereka, kapena pomwe filamenti yayamba kukhota pa magiya. Tengani nambala yomaliza yomwe inayenda bwino, muichepetse ndi gawo limodzi la magawo anayi, chifukwa posindikiza zenizeni nozulo imakhala ikukankhira pa leya ya pansi ndipo mphamvu yofunika imakula.

Nanga kutentha ndi kukula kwa nozulo?

TPU zambiri zimasindikizidwa pakati pa madigiri 210 ndi 240, ndipo bokosi limanena malire a mtundu wake. Pulasitiki ikatentha imasungunuka bwino n'kutuluka mosavuta, motero poyamba sankhani kutentha kwa kumtunda kwa malirewo. Zonse zikayenda popanda kutsekeka, tsitsani madigiri 5 ulendo uliwonse kuti tiulusi tichepe, ndipo muime mukangoona mizere yayamba kuperewera. Onetsetsaninso kuti fani yoziziritsa kumtunda kwa hotiendi ikuzungulira bwino, chifukwa pa liwiro lochepa filamenti imakhalitsa pakhosi pa hotiendi, ndipo kutentha kukakwera kumeneko imafewa isanafike pamalo pake.

Nozulo ya mamilimita 0.6 ili ndi bowo lomwe malo ake odutsa pulasitiki ndi opitirira kawiri pa a nozulo ya 0.4, ndipo imachepetsa kwambiri mphamvu yofunika. Pa zinthu monga magasiketi ndi timapazi, zomwe sizifuna zokongoletsa zing'onozing'ono, kusintha nozulo ndi njira yotchipa kuposa zonse yochepetsera kutsekeka. Kumbukirani kuti mizere yake ndi yotambalala, choncho malire a funso la liwiro akugwirabe ntchito.

Kodi ndizimitse kubweza filamenti?

Pa chinthu choyamba, inde. Kubweza ndi pamene magiya amakoka filamenti m'mbuyo mutu usanadumphe, n'kuikankhanso ukafika. Pa TPU kukokako kumangotambasula filamenti, ndipo nozulo siimva kanthu ngati mtunda ndi wautali. Vuto lalikulu limabwera pobwerera, pamene magiya amakankha mwadzidzidzi pa liwiro lalikulu: ku nozulo filamenti imayenda pafupifupi milimita imodzi pa sekondi posindikiza, koma pobwezeretsa imakankhidwa pa mamilimita 40 pa sekondi, ndipo ndi nthawi imeneyi pomwe imathawira m'mbali. Kuonjezera apo, chinthu chokhala ndi tizigawo tambiri chimachititsa magiya kupondaponda malo amodzi a filamenti kambirimbiri mpaka kuphwatalala, ndipo yophwatalalayo sikwananso m'njira.

Mukatsimikiza kuti chinthu chikutha bwino popanda kubweza, yambani kuonjezera pang'onopang'ono. Pa ekisituruda ya pamutu, mamilimita 0.5 mpaka 1.5 pa liwiro la 20 mpaka 25 amakwanira. Pa Bowden yesani 1 mpaka 3 pa liwiro la 20, ndipo musafike pa 5 kapena 6 monga amachitira pa PLA. Mu Cura, `Retraction Minimum Travel` imaletsa kubweza pa kudumpha kwakufupi, pamene `Maximum Retraction Count` pamodzi ndi `Minimum Extrusion Distance Window` zimaika malire a kangati kachidutswa kamodzi ka filamenti kangabwezedwe. Kutsitsa chiwerengerocho kufika pa 10 kapena pansi kumateteza filamenti ku kupondedwa. Mu PrusaSlicer liwiro lokankhiranso limaikidwa palokha pa `Deretraction Speed`, ndipo kulichepetsa kuposa lokokera n'kothandiza.

Ndikachepetsa kubweza, chinthu chimatuluka ndi tiulusi tambiri. Ndichite chiyani?

Chepetsani kudumpha m'malere. `Combing Mode` mu Cura, `Avoid crossing perimeters` mu PrusaSlicer ndi `Avoid crossing walls` mu OrcaSlicer zimachititsa mutu kudutsa m'kati mwa chinthucho, kotero kuti zodontha zimabisika m'zodzazira. Sindikizani chinthu chimodzi pa ulendo m'malo modzaza bedi, ndipo zimitsani kukweza mutu podumpha, chifukwa kukwezako kumakoka kaulusi ulendo uliwonse. Tiulusi tochepa totsala timachoka ndi lumo kapena ndi mpweya wotentha woupitirizira mwamsanga. Maganizo athu ndi akuti chinthu chomalizika chokhala ndi tiulusi n'chabwino kuposa chosalala chomwe chaimira pakati, ndipo si nzeru kuonjezera kubweza chifukwa cha vuto lomwe lumo lingathetse. Tiulusi tikakhala tochuluka ngati ubweya ngakhale mwachita zonsezi, werengani funso lotsatira.

Kodi chinyezi chimakhudza kutsekeka?

Chimakhudza. TPU imayamwa madzi a mumpweya msanga, ndipo m'nyengo ya dzinja sipulu yosiyidwa poyera imasintha m'masiku ochepa. Madziwo akafika mu nozulo amasanduka nthunzi, ndipo mumamva kuthetheka, ulusi wotuluka umakhala ndi timatuza, ndipo makoma amaoneka okhakhala. Nthunziyo imakankha pulasitiki mosinthasintha, choncho imadontha ngakhale magiya ataima, ndipo munthu amayamba kuonjezera kubweza pofuna kuthetsa tiulusi, mpaka filamenti n'kutsekeka.

Umitsani sipulu pa madigiri 50 mpaka 55 kwa maola 4 mpaka 6, kapena kupitirira ngati inanyowa kwambiri, mu choumitsira filamenti kapena choumitsira zakudya. Uvuni wa m'khitchini ndi woopsa chifukwa kutentha kwake kumadumpha kupitirira pomwe mwaika. Mukamaliza, sungani sipulu m'thumba lotseka bwino pamodzi ndi timapaketi ta silika.

Sipuling'i ya ekisituruda ndi malo a sipulu zili ndi gawo lanji?

Sipuling'i yomangidwira PLA imakhala yothina kwambiri pa TPU. Imaphwatalalitsa filamenti, ndipo yophwatalala imakhuza m'kapaipi. Masulani sikuluwu mpaka filamenti iyambe kuterereka, kenako mangani pang'ono mpaka igwire. Mukaitulutsa muone kuti mano asiya timizere tosazama ndipo ikadali yobulungira.

Kumbali ya sipulu, vuto ndi kukoka. Sipulu yolemera yomwe ikukhuza pa chopachikira imatambasula filamenti isanafike pa magiya, ndipo yotambasukayo imawonda, motero pulasitiki yofika ku nozulo imachepa. Ikani sipulu pa chopachikira cha mabering'i, pamwamba pa ekisituruda, kuti filamenti itsike mowongoka. Ngati sensa ya filamenti ikuikhotetsa kapena kuigwira, ilambalaleni pa ntchito imeneyi.

Bwanji imatsekeka pa leya yoyamba yeniyeni?

Nozulo yayandikira bedi mopitirira. PLA imafuna kupsinjidwa pa bedi kuti igwire, koma nozulo ikakhala pafupi choncho, bedi limatseka kabowo, mphamvu imakwera, ndipo TPU imapindika pa magiya mzere woyamba usanathe. Kwezani nozulo ndi mamilimita 0.05 poyamba, n'kuonjezera ngati mizere ikuonekabe yopyapyala kwambiri. TPU imagwira bedi yokha popanda kupsinjidwa, ndipo pa PEI yosalala imagwira mpaka kung'amba pamwamba pake poichotsa. Pakani guluu wa pamapepala wa kamtengo kuti akhale cholekanitsa, kapena gwiritsani ntchito bedi lokhakhala, pa kutentha kwa madigiri 40 mpaka 50.

Filamenti yatsekeka. Ndiichotse bwanji osawononga kanthu?

Imitsani ntchito, siyani nozulo pa kutentha kosindikizira, n'kutsegula chogwirira kuti magiya asiye filamenti. Musalamule mota kuti ibweze, chifukwa imangoonjezera kukulunga. Dulani mbali yopindikayo ndi kasizasi, chotsani yomwe yakulunga pa giya ndi chopanira, kenako kokani yotsalira ku hotiendi pang'onopang'ono osadukiza, popeza mukaikoka mwamphamvu imatambasuka n'kudukira m'kati. Tsukani mano a giya ndi kaburashi.

Ngati kuyesa ndi dzanja kwasonyeza kuti m'nozulo muli chotchinga, chifukwa chake kawirikawiri ndi zotsalira za filamenti yam'mbuyo, makamaka PETG kapena ABS, zomwe sizisungunuka bwino pa kutentha kwa TPU. Tenthetsani nozulo kufika pa kutentha kwa filamenti yakaleyo, kankhani PLA mpaka ituluke yoyera, zimitsani chotenthetsera, ndipo kutentha kukatsika kufika pafupifupi madigiri 90 kokani PLA ija mwamphamvu kamodzi. Imatuluka ndi zinyalala zitamatirira kunsonga kwake. Bwerezani mpaka nsonga ituluke yoyera. Polowetsanso TPU, dulani nsonga yake mopendeketsa n'kuikankha ndi dzanja mpaka ioneke pa nozulo, chifukwa pa makina ena lamulo lolowetsera limathamanga mopitirira.

Mungasonyeze chitsanzo cha mmene zonsezi zimayendera limodzi?

Tiyerekeze kuti pa Ender 3 ya Bowden mukusindikiza timapazi tinayi ta makina, kalikonse kotambalala mamilimita 30 ndi bowo la sikuluwu pakati, ndi TPU ya 95A. Mwasiya makonzedwe a PLA: liwiro 50, kubweza mamilimita 5 pa liwiro la 45, mizere ya 0.4 ndi leya ya 0.2. Maleya oyamba akuyenda bwino chifukwa ndi ochedwa, koma chinthu chitakwera mamilimita awiri kapena atatu pulasitiki yasiya kutuluka, ndipo pa giya pali mfundo.

Kuwerengera kukusonyeza kuti makinawo amafuna 4 mm³/s, zomwe ndi zochuluka pa njira imeneyi, ndipo timapazi tinayi tikutanthauza kudumpha ndi kubweza kangapo pa leya iliyonse. Kuyesa ndi dzanja kwasonyeza kuti nozulo ili bwino. Choyamba n'kutseka kampata ka pa giya ndi kachidutswa ka PTFE ndi kumasula sipuling'i. Kenako liwiro lonse litsike kufika pa 20, zomwe zikupereka 1.6 mm³/s, kutentha kukhale 230, kubweza kuzimitsidwe, ndipo pa bedi pakhale kaphazi kamodzi kokha. Kakatha bwino koma kali ndi tiulusi m'bowo la sikuluwu, yatsani `Combing Mode` n'kuika kubweza kwa mamilimita 2 pa liwiro la 20. Kachiwiri kakatuluka koyera, kwezani liwiro kufika pa 25 pa kachitatu. Mukaona timipata m'makoma, makamaka pambuyo pa kudumpha, ndiye kuti mwafika pa malire, ndipo kachinayi kabwerere pa 20 kapena 22. Sinthani chinthu chimodzi pa ulendo uliwonse mukadutsa poyambira paja, kuti vuto likabwerera mudziwe chomwe chalibweretsa.

Kodi TPU ingadutse m'makina osintha filamenti okha, monga AMS ya Bambu Lab?

TPU wamba ya 95A kapena yofewerapo siyenera kulowetsedwa m'njira zosinthira za AMS, chifukwa ndi zazitali, zokhotakhota, ndipo filamenti imakankhidwa ndi kukokedwa mothamanga ulendo uliwonse ikasinthidwa. Ipachikeni pa chopachikira chakunja kuti ipite molunjika ku mutu. Bambu Lab imagulitsa mtundu wapadera wa TPU ya AMS wa kulimba kwa 68D, womwe ndi wolimba kwambiri kuposa 95A, choncho ndi woyenera zinthu zofunika kupirira kugundidwa, koma pa gasiketi yofunika kufinyika bwino mudzafunikabe filamenti yofewa yodutsa njira yakunja.